Msoko wa kanema umabisika ku maso, koma wotchi imauulula

Pa 6 Januwale 2021, Donald Trump anayankhula kwa omutsatira mumzinda wa Washington kwa nthawi yopitirira ola limodzi. Tsiku lomwelo gulu la anthu linakathyola nyumba ya malamulo ya Capitol. Patapita zaka zoposa zitatu, mu Okutobala 2024, kutatsala sabata imodzi kuti anthu a ku Amerika aponye voti, wailesi ya kanema ya BBC inaulutsa pulogalamu yake ya Panorama yonena za munthuyu. M'pulogalamumo munali kachidutswa ka masekondi ochepa ka zimene anayankhula tsiku lija. Woonera ankamva Trump akunena kuti tiyenda kupita ku Capitol, ine ndikhala nanu, ndipo timenya nkhondo, timenya zolimba. Mawuwo ankamveka ngati atuluka mumpweya umodzi.

Sanatuluke mumpweya umodzi. Zinali zidutswa zitatu zosokedwa pamodzi. Ponena zoyenda kupita ku Capitol, Trump anapitiriza ndi mawu akuti akukachemerera aphungu olimba mtima, ndipo patsogolo pang'ono anati anthu akamveketse mawu awo mwamtendere. Zonsezo zinachotsedwa. Mawu a kumenya zolimba anawanenadi, palibe amene anamupekera, koma anawanena patadutsa mphindi zoposa 50, chakumapeto kwa msonkhano. Nkhaniyi inadzabuka patatha chaka, nyuzipepala ya Telegraph itasindikiza zomwe analemba Michael Prescott, yemwe anali mlangizi wa BBC pa za kalembedwe ka nkhani. Pa 9 Novembala 2025 mkulu wa BBC, Tim Davie, ndi mkulu wa nthambi ya nkhani, Deborah Turness, anatula pansi maudindo awo, ndipo mawa lake wapampando wa bungweli, Samir Shah, anapepesa kuti kusokako kunali kulakwitsa.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi si ndale za ku Amerika. Ndi chakuti kanema wathunthu wa msonkhanowo anali poyera nthawi yonseyi. Aliyense wokhala ndi foni akanatha kumuika pambali pa kachidutswa kaja, n'kuona msoko m'mphindi zochepa. Anthu ambirimbiri anaonera, koma maso okha sanawathandize, chifukwa msoko wosokedwa ndi katswiri suoneka. Umaoneka pamene nsalu yosokedwa yayalidwa pambali pa nsalu imene sinadulidwe. Luso loyala nsalu ziwirizi ndi limene ndikufuna tiphunzire, ndipo silifuna sukulu yaikulu. Limafuna makanema awiri, pepala, cholembera ndi kudekha.

Kanema si chinthu chimodzi chotambalala ngati madzi a mumtsinje. Ndi zithunzi zambiri zoima, zimene akatswiri amazitcha mafulemu, zodutsa mofulumira: kawirikawiri 24, 25 kapena 30 pa sekondi imodzi. Pambali pa zithunzizo pamayenda mzere wina wapawokha, wa mawu. Wodula akhoza kudula zithunzi ndi mawu pamalo amodzi, akhozanso kudula mawu pano, zithunzi n'kudula patsogolo. Apa m'pamene pagona ukatswiri wobisa. Munthu akamayankhula, mkonzi n'kuchotsa chiganizo chimodzi pakati, mutu wa woyankhulayo umadumpha, dzanja limene linali m'mwamba limapezeka lili pansi. Pofuna kuphimba zimenezi, mkonzi amaika chithunzi cha khamu la anthu, mbendera, kapena mtolankhani akugwedeza mutu, kwa masekondi awiri kapena atatu. Mawu amadulidwa pansi pa chigamba chimenecho. Maso akabwerera kwa woyankhula, saonanso kudumpha kulikonse. Chigamba choterechi si umboni wa chinyengo, pakuti pafupifupi nkhani iliyonse ya pa kanema ili nacho. Chimangokuuzani malo oyenera kuyamba kufufuza.

Tsono tiyerekeze nkhani ya kwathu. Pa gulu la WhatsApp la anthu ochokera mudzi umodzi pafika kanema wa mfumu ikuyankhula pa msonkhano wa malo. M'kanemayo mfumu ikumveka ikuti malo a kudambo yawapereka kwa amene akufuna kumangapo, kenaka ikuthokoza alendo. Anthu apsa mtima. Mawa lake mnyamata wina amene anali pamsonkhanopo watumiza kanema wake wa msonkhano womwewo. Woyamba uja ndi wa mphindi 11 ndi masekondi 5. Wachiwiri ndi wa mphindi 12 ndi masekondi 40. Wamtaliyu timutche A, wamfupi timutche B. Kusiyana kwawo ndi masekondi 95, ndipo ntchito yathu ndi kupeza kumene sekondi iliyonse mwa 95 amenewa yapita.

Ambiri amayamba ndi kuonera A yense, kenaka B yense, n'kumayesa kukumbukira. Mutu sungasunge zimenezo. Njira yabwino ndi kusankha zizindikiro, tinthu tachidule tomveka m'makanema onse awiri, toti tingachitike kamodzi kokha: munthu kutsokomola, kuwomba m'manja koyamba, tambala kulira, chitseko cha galimoto kutsekedwa. Phokoso lakuthwa limaposa mawu oyankhula, chifukwa munthu amatha kubwereza chiganizo chimodzi kangapo. Trump anatchula zoyenda kupita kumeneko kangapo motsatizana, ndipo mawu akuti kumenya anabwera malo ambiri m'zoyankhula zake. Wodalira mawu okha akhoza kugwirizanitsa malo olakwika.

Pa pepala lembani mizati itatu: nthawi ya chizindikiro mu A, nthawi yake mu B, ndi kusiyana kwake. M'chitsanzo chathu, agogo ena akutsokomola pa 0:50 mu A, koma mu B akutsokomola pa 0:30. Kusiyana ndi masekondi 20. Ndiye kuti B wayamba mochedwa ndi masekondi 20, mwina pemphero kapena malonje anasiyidwa. Anthu akuwomba m'manja pa 4:10 mu A ndi pa 3:50 mu B. Kusiyana kudakali 20. Ichi ndi chinthu chachikulu, pakuti chikutiuza kuti pakati pa kutsokomola ndi kuwomba m'manja palibe chimene chatayika, ndipo gawo limenelo tingalisiye kaye. Kenaka tambala akulira pa 7:30 mu A, koma mu B akulira pa 6:25. Kusiyana kwafika pa masekondi 65. Penapake pakati pa kuwomba m'manja ndi tambala, masekondi 45 asowa. Mawu omaliza a B, pa 11:05, akupezeka pa 12:10 mu A, kusiyana kudakali 65, ndipo A akupitirira masekondi ena 30 anthu akubalalika. Tiwonkhetse: 20 a poyamba, 45 a pakati, 30 a kumapeto. Akwana 95. Masamu akapanda kukwana, dziwani kuti pali msoko wina umene simunaupeze.

Kwatsala kupeza malo enieni a masekondi 45 aja. Musaonere gawo lonse mobwerezabwereza. Ligaweni pakati, ngati mmene munthu amafunira pamene paipi yaboka. Pitani pa 5:10 mu B, mverani chiganizo chimene chili pamenepo, mukachipeze mu A. Chili pa 5:30, kusiyana 20, ndiye kuti msoko uli patsogolo. Pitani pa 5:50 mu B. Mu A zimenezo zili pa 6:55, kusiyana 65, ndiye kuti mwaupitirira. Bwererani pa 5:30, mupeza 20. Pa 5:40 mupeza 65. Mwa kulumpha kanayi kokha, mwaupanikiza msoko m'kati mwa masekondi 10. Apa tsopano mutha kumvetsera mofatsa, n'kupeza kuti pa 5:34 mu B mawu a mfumu akulumpha. Chimene chachotsedwa ndi gawo la A loyambira 5:54 kufika 6:39.

Kuti muone malo odulidwa mpaka pa fulemu yeniyeni, imitsani kanema n'kumamusuntha chithunzi chimodzichimodzi. Mu pulogalamu ya VLC pa kompyuta, batani la E limasunthira kutsogolo fulemu imodzi. Pa YouTube, kanema akaima, mabatani a `,` ndi `.` amabwerera m'mbuyo kapena kupita patsogolo fulemu imodzi. Yang'anani zinthu zimene woyankhula sangazilamulire: mwana amene anali kumbuyo n'kusowa mwadzidzidzi, mthunzi wa mtengo wosuntha, botolo la madzi lomwe linali lodzaza n'kupezeka lili theka.

Ine ndimakhulupirira khutu kuposa diso pa ntchito imeneyi. Munthu asanayambe chiganizo amakoka mpweya, ndipo pamsoko mpweya umenewo kawirikawiri umasowa kapena umadukira pakati. Phokoso la kumbuyo nalonso limaulula: mphepo, jenereta, phokoso la msika. Zimenezi zimasintha pang'onopang'ono m'moyo weniweni, koma pamsoko zimasintha nthawi imodzi. Valani zomvera m'makutu, mutseke maso. Amene ali ndi kompyuta akhoza kupita patsogolo, n'kutulutsa mawu m'makanema onse awiri ndi pulogalamu yaulere ya FFmpeg:

```
ffmpeg -i A.mp4 A.wav
ffmpeg -i B.mp4 B.wav
```

Mafayilo awiriwa atsegulidwe mu pulogalamu ya Audacity, nayonso yaulere, lina pamwamba lina pansi. Mawu amaoneka ngati mapiri ndi zigwa. Kokani mzere wa B mpaka phiri la kutsokomola kuja likhale pansi penipeni pa phiri lomwelo mu A. Kuyambira pamenepo mapiri amayenda ofanana mpaka pamsoko, pomwe amasiyana poyera. Mukatero dulani mzere wa B pamalopo, mukokere chidutswa chotsalacho kumanja mpaka chigwirizanenso ndi A. Mpata umene watsala pakati ndiwo gawo lochotsedwa, ndipo kutalika kwake mukuwerenga pa sikelo ya nthawi imene ili pamwamba. Ubwino wa mawu ndi wakuti amagwira ntchito ngakhale makanema awiriwo anajambulidwa ndi mafoni osiyana, wina ataima kumanja wina kumanzere, pakuti onse anamva tambala mmodzi yemweyo.

Ngati makanemawo achokera ku kamera imodzi, mutha kuwaika moyandikana kuti aziyendera limodzi. Nambala 20 m'lamuloli ndi masekondi aja amene A ali nawo owonjezera poyamba:

```
ffmpeg -ss 20 -i A.mp4 -i B.mp4 -filter_complex "[0:v]scale=-2:360[a];[1:v]scale=-2:360[b];[a][b]hstack" -an onse.mp4
```

Mbali ziwirizi zimasuntha ngati munthu ndi chithunzithunzi chake, kufikira pa 5:34 pamene aliyense amalowera kwake.

Mzati wachitatu uja, wa kusiyana, umanena zambiri kuposa kungoti pachotsedwa kanthu. Nambala ikalumpha n'kukula, gawo lachotsedwa mu B. Ikalumpha n'kuchepa, ndiye kuti mu B mwawonjezedwa chinthu, kapena mkonzi wabwerera m'mbuyo kukatenga mawu a poyamba n'kuwaika patsogolo. Izi n'zimene zinachitika pa kachidutswa ka Panorama. M'zoyankhula zenizeni, mawu akuti ndikhala nanu anabwera choyamba, dzina la Capitol n'kubwera pambuyo pake. M'pulogalamumo anatembenuzidwa. Munthu wolemba mizati itatu akanaona nambala ikubwerera m'mbuyo pang'ono pa chidutswa chachiwiri, kenaka ikudumpha mphindi zoposa 50 pa chachitatu. Kachidutswa ka masekondi owerengeka, misoko iwiri.

Pali mtundu wachitatu umene umasokoneza anthu ambiri. Nthawi zina nambala silumpha, imangokwera pang'onopang'ono ngati madzi odzaza mumtsuko: apa masekondi 2, patsogolo 5, patsogolonso 7. Pamenepo palibe chodulidwa. Makanema awiriwo akuyenda pa liwiro losiyana. Mu Meyi 2019 kanema wa Nancy Pelosi, yemwe panthawiyo anali sipikala wa nyumba ya malamulo ya ku Amerika, anafala atachedwetsedwa kufika pafupifupi pa magawo atatu mwa anayi a liwiro lake, kuti mayiyu amveke ngati waledzera. Palibe liwu limene linachotsedwa. Koma pa liwiro limenelo, zimene zinatenga masekondi 60 zimatenga masekondi 80, ndipo wotchi imaonetsa zimenezo msanga.

Kusiyana kwa liwiro kumachitikanso popanda woipa mtima aliyense. Mafilimu a m'nyumba zoonetsera kanema amajambulidwa pa mafulemu 24 pa sekondi. Mawailesi a kanema a ku Ulaya ndi a mayiko ambiri a mu Afirika muno anakhazikika pa njira ya PAL, ya mafulemu 25 pa sekondi, ndipo kuyambira kale filimu imangothamangitsidwa pang'ono kuti ikwanire. Filimu ya mphindi 120 imatha pa mphindi 115 ndi masekondi 12. Munthu wogula chimbale chotere akhoza kulumbira kuti amubera mphindi pafupifupi 5, pamene chithunzi chilichonse chilipo. Choncho musanayambe kusaka misoko, funsani fayilo liwiro lake ndi kutalika kwake:

```
ffprobe -v error -show_entries format=duration:stream=avg_frame_rate A.mp4
```

Ngati wina akuonetsa 24 kapena nambala yoyandikira, winayo 25, yembekezerani kuti kusiyana kuzikwera ndi masekondi oposa 2 pa mphindi iliyonse. Kulumpha kwenikweni kudzaonekabe pamwamba pa kukwera kumeneko, ngati mwala pamsewu wokwera chitunda.

Zina zimene zimanamiza n'zazing'ono koma n'zofala. Kanema akadutsa pa WhatsApp kapena Facebook amafinyidwa kuti achepe, ndiye zithunzi zimachita timabokosi ndipo nthawi zina zimagwedera. Kumeneko si kudula. Pemphani mwini wake akutumizireni fayilo yoyamba kudzera pa Document, kapena mukaitenge pa memole khadi. Kanema amene anaulutsidwa pompopompo pa intaneti amatha kusowa masekondi angapo pamene netiweki inaduka, ndipo malo oterowo amadziwika chifukwa chithunzi chimayamba chauma kaye kenaka n'kulumpha, nthawi zambiri pakati pa liwu. Wodula mwadala sachita choncho. Iye amasankha malo aukhondo, pamene chiganizo chathera ndi pamene china chayambira.

Malire aakulu a njirayi ndi awa: imakuuzani zimene zili mu A zomwe mulibe mu B, basi. Sikuuzani kuti A ndi wathunthu. Mnyamata uja akhoza kukhala kuti anaimitsa kamera pamene mfumu inkanena zina, kapena nayenso anadula zimene sanazikonde. Kanema wamtali si woona chifukwa chakuti ndi wamtali. N'chifukwa chake kanema wachitatu, wojambulidwa ndi munthu wosagwirizana ndi awiriwa, amakhala wamtengo wapatali, ngakhale atakhala wosaoneka bwino. Ndipo ngati muli ndi kanema mmodzi yekha, mungathe kukayikira, koma simungathe kunena chimene chinachotsedwa.

Tibwerere ku masekondi 45 aja, chifukwa kupeza msoko ndi theka chabe la ntchito. Kudula pakokha si mlandu. Kawirikawiri wailesi siulutsa msonkhano wa maola atatu wonse, ndipo wojambula ukwati aliyense amadula. Funso ndi limodzi: kodi woonera B akupita kwawo ndi tanthauzo lomwe akanapita nalo ataonera A? Tsegulani A pa 5:54 mumvere mpaka 6:39. Mwina mupeza kuti mfumu inaima kuyankhula chifukwa chimkuzamawu chinazima, anthu n'kumadikira. Pamenepo wodulayo sanalakwire munthu. Koma mwina mupeza kuti mfumu, itanena kuti malo yawapereka, inapitiriza kuti zimenezi zichitika pokhapokha eni minda atavomereza ndi kulandira chipukuta misozi, ndipo ngati akana, nkhani yathera pomwepo. Mawu onse a mu B ndi a mfumu, palibe ngakhale limodzi lopeka, koma B wanama. Masekondi 20 a poyamba ndi 30 a kumapeto nawonso amvereni, musawapeputse. Munthu akhoza kuyamba ndi kunena kuti ena akufalitsa zakuti, kenaka n'kutchula bodzalo, ndipo kungodula chiyambicho kumamusandutsa mwini wa mawu amene ankawatsutsa.

Mukapeza zotere, nenani zimene mwaona ndi manambala ake: gawo la 5:54 mpaka 6:39 la kanema wamtali mulibe mu wamfupi, ndipo m'gawo limenelo mfumu ikunena zakutizakuti. Musathamangire kutchula amene anadula kapena chifukwa chake, pakuti wotchi sinakuuzeni zimenezo, ndipo wokutumizirani kanemayo mwina nayenso anangolandira. Sungani mafayilo onse awiri mmene munawalandirira, osawasintha, pamodzi ndi pepala lanu la mizati itatu, kuti wina aliyense wokayikira athe kubwereza yekha n'kupeza zomwezo.

Inu owerenga, kachidutswa kakakupsetsani mtima, makamaka kamene chithunzi chake chikuchoka pa nkhope ya woyankhula pamene mawu akufika pachimake, musakatumize kaye. Funsani pagulupo ngati alipo amene ali ndi kanema wathunthu, ndipo akakupatsani, khalani pansi ndi pepala muyambe ndi kutsokomola koyamba.